Kupempha Amalume Mpamba wa Nkhuku: Mafunso ndi Mayankho pa Kalata ya Ngongole

Tiyerekeze mnyamata wa kufupi ndi Mponela, m'boma la Dowa. Wagulitsa soya wake ndipo wasunga K200,000. Kuseri kwa nyumba ya amayi ake kuli kachipinda kamene kale ankasungiramo fodya, tsopano kangokhala. Akufuna kuweta nkhuku zanyama, koma ndalamayo siikwana, ndipo amene angamuthandize ndi amalume ake, mlongo wa amayi ake, amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Mafunso otsatirawa ndi amene munthu wotere amakumana nawo akagwira cholembera. Mitengo imene tagwiritsa ntchito ndi yachitsanzo, yoti tionere kawerengedwe kake. Wolemba kalata yeniyeni apite yekha kusitolo ya zaulimi, akafunse mitengo ya tsikulo, ndipo alembe tsiku limene anaifunsa.

Bwanji osangowaimbira foni amalumewo? Kalata ndi yachiyani pakati pa abale?

Foni ndi yabwino polonjerana ndi powadziwitsa kuti kukubwera kalata, koma pempho la ndalama lonenedwa pafoni limamufikira munthu modzidzimutsa. Amalume amakhala ali m'minibasi kapena pantchito, ndipo yankho lapafupi limakhala lakuti “tiona mwezi ukatha”. Mawu amenewo nthawi zambiri amakhala kukana kwaulemu. Kalata imawapatsa mpata woiwerenga kawiri, kuwerengera okha manambala, ndi kukambirana ndi azakhali kunyumba, pakuti ndalama ya m'banja siituluka ndi mutu umodzi.

Chifukwa china ndi cha chikhalidwe chathu. Kwa ife Achewa, malume, amene ena amati atsibweni, ndi mwini mbumba. Ana a mlongo wake amamuyang'ana pa fizi, pa matenda, pa ukwati ndi pa maliro. Motero ndalama yochokera kwa malume imaoneka ngati thandizo la udindo, losayenera kubwezedwa. Vuto limayambira pamenepo: malume akuti wabwereketsa, mwana akuti wapatsidwa. Kalata imathetsa kusamvanako zinthu zisanayambe, chifukwa mawu akuti “ngongole” amakhala atalembedwa ndi dzanja la wopemphayo. Kaya yapita papepala, kaya yajambulidwa n'kutumizidwa pa WhatsApp, chachikulu n'chakuti aliyense asunge yake.

Nkhuku zake zikhale zamtundu wanji, ndipo zingati?

Ngongole yaing'ono imafuna nkhuku zobweza ndalama msanga. Nkhuku zoikira mazira zimayamba kuikira zikakwanitsa masabata 18 mpaka 20, ndipo nthawi yonseyo zimangodya popanda cholowa m'thumba. Zachikuda ndi za Mikolongwe sizifuna ndalama zambiri, koma zimatenga miyezi ingapo kuti zifike pogulitsidwa. Nkhuku zanyama, zimene ambiri amangoti mabuloyila, zimakhala zakonzeka m'masabata asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake mnyamata wathu wasankha zimenezi: akhoza kulemba m'kalata tsiku lenileni limene ndalama idzayambe kubwerera.

Pachiwerengero, anapiye 50 ndi poyambira pabwino. Nkhuku zanyama zikakula zimafuna malo okwana pafupifupi mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pa nkhuku khumi zilizonse, choncho chipinda cha mamita atatu ndi awiri chimakwana nkhuku 50 bwinobwino. Komanso 50 ndi nkhuku zimene munthu mmodzi wa njinga angagulitse m'masiku ochepa. Amene amalemba kuti ayamba ndi 200 asanawetepo n'kamodzi komwe amaopseza wobwereketsa, chifukwa aliyense amene anawetapo amadziwa kuti nkhuku 200 zimatha matumba a chakudya oposa 16 zisanabweretse tambala.

Ndalama yopempha imapezeka bwanji? Kodi munthu amangotchula imene akuganiza kuti amalume angakwanitse?

Ayi. Ndalamayo imachokera m'matumba a chakudya, osati m'kuyerekeza thumba la amalume. Nkhuku imodzi yanyama imadya makilogalamu anayi kapena anayi ndi theka kuchokera tsiku loyamba mpaka masabata asanu ndi limodzi. Pa nkhuku 50, thumba limodzi la makilogalamu 50 la sitata limatha pafupifupi m'masabata atatu oyamba. Thumba la gulowa limatha m'sabata imodzi yokha yotsatira, pakuti apa nkhuku zayamba kudya kwambiri. Matumba awiri a finisha amazifikitsa kufupi ndi mapeto a sabata yachisanu ndi chimodzi, ndipo pamafunika theka lina la thumba loti zizidya pamene zikugulitsidwa. Thumba likakhala pa K80,000, matumba anayi ndi theka ndi K360,000.

Kenako tiwonjezere zina. Anapiye 50 pa K1,800 aliyense ndi K90,000. Katemera, mavitamini ndi mankhwala opha tizilombo m'khola tiziike pa K25,000, makala ofunditsira anapiye K20,000, utuchi woyala pansi K10,000, ndipo mayendedwe K15,000. Zonsezi pamodzi ndi chakudya zikukwana K520,000. Iyi ndi ndalama yoyendetsera gulu limodzi la nkhuku, ndipo idzafunikanso pa gulu lililonse lotsatira. Taonani kuti pa K10 iliyonse, pafupifupi K7 ikupita ku chakudya.

Palinso zogula kamodzi kokha: modyera ndi momwera K40,000, ndiponso waya wa pamawindo, laimu ndi kukonza chitseko K40,000. Zonse pamodzi ndi K600,000. Mnyamatayo ali ndi K200,000, ndiye chopempha ndi K400,000. Akalemba motere, amalume amaona kumene kwachokera nambala iliyonse, ndipo amaonanso kuti mwanayo waikapo yake. Munthu amene wathira thukuta lake la soya m'khola sagona tulo mbaula ikazima usiku.

Nanga phindu liwerengedwe bwanji kuti lisaoneke ngati loto?

Choyamba, osawerengera nkhuku 50 zogulitsa. Ngakhale kwa mlimi wosamala, anapiye awiri kapena atatu amafa, makamaka m'sabata yoyamba. Tiwerengere 47. Chachiwiri, mtengo wogulitsira ukhale umene ogula enieni akulipira, osati umene mnzanu anagulitsira nkhuku imodzi yaikulu pa Khirisimasi. Tiuike pa K14,000. Nkhuku 47 zibweretsa K658,000.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. K658,000 si phindu. Mukachotsa K520,000 yoyendetsera, yotsala ndi K138,000, kapena kuti pafupifupi K2,900 pa nkhuku iliyonse, pa ntchito ya miyezi iwiri. Si ndalama yogulira njinga yamoto, koma ndi yoona, ndipo malume wodziwa zinthu amakhulupirira K138,000 kuposa lonjezo lakuti ndalama idzabereka kawiri. Manyowa a nkhuku amagulitsidwa kapena kupita kudimba, koma musawaike m'masamuwa. Akhale ngati basera.

Ndi bwinonso kudziwa malire anu. K520,000 kuigawa ndi K14,000 kukusonyeza kuti pafunika kugulitsa nkhuku 38 kuti ndalama yoyendetsera ibwerere. Kuigawa ndi nkhuku 47 kukusonyeza kuti nkhuku iliyonse yadya pafupifupi K11,100, choncho wogula akakunyengererani mpaka K11,000, mwamupatsa nkhukuyo moluza. Manambala awiriwa, 38 ndi K11,100, ndi oyenera kukhala pamtima pa mlimi ngati nambala yake ya foni.

Ngati gulu loyamba libweretsa K658,000, bwanji osangobweza K400,000 yonse nthawi yomweyo n'kumasuka?

Chifukwa bizinesiyo ifera pomwepo. Akabweza K400,000, m'manja mutsala K258,000, pamene gulu lachiwiri likufuna K520,000. Adzagula anapiye, adzagula sitata ndi gulowa, ndipo chakudya chidzatha nkhuku zili ndi masabata anayi, nthawi imene zimadya kwambiri. Kenako adzagogodanso kwa amalume omwewo. Lonjezo lobweza yonse nthawi imodzi limamveka lokoma m'kalata, koma ndi lonjezo la munthu amene sanawerengere.

Ngongole imabwezedwa kuchokera m'phindu, osati m'mpamba. Phindu ndi K138,000 pa gulu lililonse, choncho mnyamatayo angalonjeze K100,000, n'kusiya K38,000 yoyembekezera kukwera kwa mitengo. Magulu anayi amaliza K400,000. Gulu lililonse limatenga pafupifupi miyezi iwiri: masabata asanu ndi limodzi olera, masiku ochepa ogulitsa, ndi pafupifupi masabata awiri oti khola lichotsedwe utuchi wakale, litsukidwe, lithiridwe mankhwala ndi kuuma. Kudumpha kupumitsa kholako n'kuitanira gulu latsopano matenda a gulu lakale.

Masiku ake alembedwe ndithu. Anapiye olowa pa 10 Novembala amakwanitsa masiku 42 pa 22 Disembala, msika wa Khirisimasi uli pachimake. Ena akalowa pa 10 Januwale, pa 10 Malichi ndi pa 10 Meyi, ndalama ingabwezedwe kumapeto kwa Disembala, Febuluwale, Epulo ndi Juni. Mawu akuti “ndidzabweza zikayenda” alibe tsiku, ndipo ngongole yopanda tsiku imakalamba n'kusanduka chidani.

Kodi kutchula chiwongoladzanja kwa malume si chipongwe? Si katapila ameneyo?

Katapila ndi wobwereketsa amene amaika yekha chiwongoladzanja chofinya munthu wosowa pogwira. Apa ndi wobwereka amene akupereka yekha kangachepe, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo aliyense anaona mmene mitengo ya m'sitolo inasinthira. K400,000 imene amalume apereka lero siidzagula zofanana pakatha miyezi isanu ndi itatu. Mwana amene wazindikira zimenezi n'kulonjeza K40,000 yapamwamba wasonyeza kuti akudziwa kuti ndalamayo inali ndi ntchito ina kunyumba kwawo.

Amalume ambiri amakana yowonjezerayo, ndipo akakana, zathera pomwepo. Kukanako kukhale kwa iwo. Chimene sichiyenera ndi kusinthanitsa ndalama ndi nkhuku popanda kugwirizana. Kuwatumizira nkhuku ziwiri za Khirisimasi ndi ulemu, koma ngati mukuziwerengera ku ngongole, zinenedwe poyera ndi mtengo wake. Apo ayi, inu mudzati mwabweza K28,000, iwo adzati munawapatsa ndiwo.

Kodi m'kalata muyenera kutchulidwa za chitopa ndi imfa za nkhuku? Sizingawaopseze?

Amalume anakulira kumudzi. Anaonapo chitopa chikusesa nkhuku za mudzi wonse m'nyengo yotentha, nkhuku zikupotoka makosi ndi kutsegula zobiriwira. Mukapanda kuchitchula, iwo achiganiza okha ndipo aona ngati inu simukuchidziwa. Chofunika ndi kutchula choopsacho pamodzi ndi chimene mudzachite.

Pa matenda, anapiye anyama amalandira katemera wa chitopa ndi wa gumboro m'masabata atatu oyamba, motsatira ndondomeko ya kumene mwagula anapiyewo. Katemerayu amafuna kusungidwa pozizira, ndipo akasungunulidwa m'madzi ayenera kumwedwa m'maola awiri. Nthawi zambiri kabotolo kamodzi kamakhala ka nkhuku mazanamazana, n'chifukwa chake alimi oyandikana amagwirizana tsiku limodzi n'kugawana. Chitopa chilibe mankhwala chikalowa, choncho nkhuku zachikuda za pakhomo zisamayandikire khola, ndipo ogula asamalowemo kukasankha okha.

Pa kuzizira, anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 kapena 33 m'sabata yoyamba, n'kumatsitsa pang'onopang'ono sabata iliyonse. Wopanda choyezera amaonera pa anapiye omwewo: akaunjikana pa mbaula n'kumalira, azizidwa, akathawira m'makona n'kuyasamula milomo, atenthedwa, akamwazikana n'kumadya, zili bwino. Makala ayatsidwe panja mpaka utsi utatha, ndipo chipindacho chikhale ndi polowera mpweya.

Kenako muwaonetse masamu a tsiku loipa. Nkhuku khumi zitafa, 40 zotsala zibweretsa K560,000, ndipo pamwamba pa mpamba patsala K40,000 yokha. Mtengo utatsika kufika K12,000, nkhuku 47 zibweretsa K564,000. M'njira zonse ziwiri mpamba wapulumuka koma K100,000 ya amalume siikwana. Apa kalata inene kumene yotsalayo idzachokere: mbuzi, soya wa chaka chamawa kapena ganyu.

Za msika, si zokwanira kunena kuti anthu amadya nkhuku tsiku lililonse?

Sizokwanira, chifukwa nkhuku yanyama si thumba la chimanga loti n'kuliika pathandala kudikira mtengo. Ikafika masabata asanu ndi limodzi imadya pafupifupi magalamu 190 patsiku. Nkhuku 47 zimatha makilogalamu asanu ndi anayi patsiku, ndipo pa K1,600 pa kilogalamu ndi K14,400. Tsiku lililonse lochedwa kugulitsa, nkhuku imodzi yathunthu yadyedwa ndi zinzake. Chakudya chimene munawerengera chikatha nkhuku zikadali m'khola kwa sabata ina, mwataya pafupifupi K100,000, ndalama yeniyeni imene munalonjeza amalume.

Choncho m'kalata mukhale ogula amene mwalankhula nawo kale: mayi wa lesitilanti pamsika amene amatenga nkhuku zingapo pa sabata, mnyamata wa kanyenya, aphunzitsi ndi anamwino oyandikana nanu. Anthu apantchito amakonda kutenga n'kudzalipira mwezi ukatha. Ndi ogula abwino, koma nkhuku yapangongole siigula anapiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lembani malire, mwachitsanzo kuti zopita pangongole sizidzapitirira khumi.

Tchulaninso kuti nyengo sizifanana. Disembala amagulitsa yekha, koma Febuluwale ndi mwezi wa njala: anthu alipira fizi, agula feteleza, chimanga chakwera, ndipo chakudya cha nkhuku, chimene chimapangidwa ndi chimanga ndi soya, chimakonda kukweranso. Gawo lachiwiri la ngongole ndi limene lili pachiopsezo, ndipo ndi bwino amalume amve zimenezi mu Okutobala, asanapereke ndalamayo.

Tsono kalatayo ingaoneke bwanji?

Nachi chitsanzo, chongosowa adiresi, tsiku ndi mayina.

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali ndi ana onse. Kuno tili bwino, ndipo amayi akupereka moni.

Ndalemba kalatayi kudzakupemphani ngongole ya K400,000 kuti ndiyambe kuweta nkhuku zanyama 50. Ndikuti ngongole chifukwa ndikufuna kudzabweza, ndipo m'munsimu ndafotokoza mmene ndidzabwezere. Amayi ndawauza ndipo avomera kuti ndigwiritse ntchito kachipinda ka fodya kaja. Miyezi iwiri yapitayi ndakhala ndikuthandiza bambo wina wa kuno amene amaweta nkhuku zotere, kuyambira kufunditsa anapiye mpaka kugulitsa.

Mitengo iyi ndaifunsa sabata ino pa Mponela:

Anapiye 50 pa K1,800: K90,000
Chakudya, matumba anayi ndi theka pa K80,000: K360,000
Katemera, mavitamini ndi mankhwala a m'khola: K25,000
Makala, utuchi ndi mayendedwe: K45,000
Modyera, momwera ndi kukonza khola: K80,000
Zonse pamodzi: K600,000

Ine ndili ndi K200,000 ya soya amene ndinagulitsa. Imeneyi ndikonzera khola, ndigulira anapiye ndi zina zing'onozing'ono. Yanuyo mbali yaikulu ipita ku chakudya. Ngati mungakonde, mutha kulipira nokha kusitolo, ine n'kumakatenga matumbawo.

Ndikuyembekeza kugulitsa nkhuku 47 pa K14,000, zomwe ndi K658,000. Ndikachotsa K520,000 yoyambira gulu lotsatira, patsala K138,000. Mayi wina wa lesitilanti wavomera kutenga 15, wa kanyenya 10, ndipo zotsalazo ndidzagulitsa kwa anthu a Khirisimasi.

Anapiye ndikufuna alowe pa 10 Novembala, choncho ndalamayo itafika pofika pa 1 Novembala zingandithandize kuwalembetsa msanga. Ndidzabweza K100,000 pa 31 Disembala, K100,000 pa 28 Febuluwale, K100,000 pa 30 Epulo ndi K140,000 pa 30 Juni. K40,000 yapamwambayo ndaiika chifukwa ndikudziwa kuti ndalama ikutha mphamvu.

Sindikubisirani kuti nkhuku zimafa, ndiponso kuti msika wa Febuluwale umavuta. Ndidzapereka katemera wa chitopa ndi gumboro monga alangizi a ziweto andiuzira. Zikavuta ndidzakuuzani tsiku lomwelo, ndipo mbuzi zanga ziwiri zija ndi chikole chanu.

Ngati simungathe panopa, kapena mungathe gawo chabe, ndimvetsa ndipo sindidandaula. Ndidzakuimbirani Lamlungu likudzali madzulo kuti ndimve maganizo anu ndi malangizo anu.

Ine mwana wanu,
mwana wa mlongo wanu.

N'chiyani chimene chasiyidwa dala m'kalatayi?

Mulibe madandaulo. Kalata zambiri zopempha zimayamba ndi tsamba lathunthu la mavuto: mvula inavuta, feteleza wakwera, ntchito kulibe. Amalume akudziwa zonsezo, ndipo zimawakumbutsa kuti wopemphayo ali ndi maenje ambiri amene ndalamayo ingagweremo. Mulibenso kuwakumbutsa udindo wawo, monga kunena kuti “inu ndinu nokha amene tikudalira” kapena kuti “mwana wa uje munamuthandiza”. Mawu oterewa amasandutsa pempho kukhala mlandu.

Taonaninso dongosolo lake. Moni wabwera poyamba, monga mwa ulemu wathu, koma ndi wachidule, ndipo pempho ndi kuchuluka kwa ndalama zili m'ndime yachiwiri, kuti wowerenga asamafufuze chimene mwanayo akufuna. Amalume akutchulidwa ndi “inu” ndi “mu-” paliponse. Amayi atchulidwa chifukwa malume asanayankhe adzaimbira mlongo wake, ndipo zingachititse manyazi atapeza kuti iwo sakudziwa kanthu. Chomaliza, kalatayo yawasiyira khomo lotulukira. Munthu amene wapatsidwa ufulu wokana savutika kulandira foni yanu Lamlungu.

Nanga akati angathe K200,000 yokha?

Landirani, koma bwererani ku masamu musanagule mwanapiye ndi mmodzi yemwe. Tsopano muli ndi K400,000. Mukachotsa K80,000 ya khola ndi ziwiya, patsala K320,000. Mwanapiye aliyense amafuna K10,400 kuti afike pamsika, choncho ndalamayo ikwana anapiye 30, osapitirira. Zikapulumuka 28, zibweretsa K392,000, phindu n'kukhala pafupifupi K80,000, ndipo mungalonjeze K50,000 pa gulu lililonse. Lembani kakalata kena kachidule kosonyeza masamu atsopanowa.

Cholakwika chofala ndi kugulabe anapiye 50 n'kumati chakudya tidzaona kutsogolo. Kutsogoloko kumakhala kusakaniza finisha ndi madeya. Madeya alibe zomanga thupi zokwanira nkhuku yanyama, choncho pa masabata asanu ndi limodzi nkhuku zimakhala zopepuka, wogula akainyamula amagwedeza mutu, ndipo mumazisunga masabata ena awiri zikudyabe. Nkhuku 30 zokhuta zimaposa 50 zanjala.

Tsiku lobweza likafika ndalama isanakwane, munthu atani?

Alankhule tsikulo lisanafike. Mlimi amene amalemba m'kope tsiku ndi tsiku, nkhuku zakufa, matumba otsegulidwa, zogulitsidwa ndi za pangongole, amadziwa pofika sabata yachisanu ngati K100,000 idzakwana. Ngati ikuoneka kuti ipezeka K60,000 yokha, aimbe foni, afotokoze chimene chachitika, atumize K60,000 imeneyo pa Airtel Money kapena pa Mpamba patsiku lolonjezedwa, ndipo atchule tsiku la K40,000 yotsalayo. Uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita ausunge, ndipo alembe m'kope lomwelo.

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo n'zoona kuti malume sakatengera mwana wa mlongo wake kubwalo chifukwa cha K40,000. Koma chimene chimawola ndi kumasukirana. Wangongole akayamba kuzimitsa foni, amayambanso kuzemba maliro ndi zinkhoswe zimene amalume adzapezekeko, ndipo amayi ndi amene amatsala pakati, osadziwa mbali yoima. Mng'ono wake akadzafuna fizi ya ku koleji, yankho lidzakhala lakuti “tiona mwezi ukatha”. N'chifukwa chake masiku anayi aja, 31 Disembala, 28 Febuluwale, 30 Epulo ndi 30 Juni, ayenera kulembedwa pachikuto cha kope la nkhuku, pamalo amene mlimi aziwaona m'mawa uliwonse akamatsegula thumba la chakudya.